Ndime ya otsutsa yandidyera mamakisi, ndinalakwa pati?

Mwana wa ku Mchini: Mwachoma bwanji nonse. Ndithandizeniko, mutu waima. Ku koleji anatipatsa chimangirizo cha mtsutso, mawu 1,200, funso lake lakuti kodi boma la Zambia linachita bwino kuchotsa malipiro a sukulu mu 2022. Ine ndinati linachita bwino. Alekichara anati tiikemo ndime ya zimene otsutsa anganene ndi yankho lathu. Pepala labwera ndi 11 pa 20, ndipo pambali pa ndime imeneyo alembapo ndi bolopeni yofiira kuti "wadzigwetsa wekha". Atilola kulembanso, Lachisanu tipereke. Ndimeyo nayi:

"Anthu ena amanena kuti maphunziro aulere ndi oipa chifukwa ana achuluka m'makalasi, madesiki sakukwanira, aphunzitsi akulephera kuchonga mabuku, ndiponso makolo ayamba ulesi. Komabe maphunziro ndi ufulu wa mwana aliyense ndipo ndiwo maziko a chitukuko. Choncho maphunziro aulere ndi abwino."

Ndadzigwetsa pati apa? Si zimene anafuna zomwezi?

Wa Njinga pa Kapata: Alekichara anuwo ndi a chipani china basi. Ine ana atatu ali pa sukulu chifukwa cha zaulerezi. Kale temu ikatsegulira ndinkapalasa kuyambira mbandakucha mpaka mdima, ndalama osakwana, wamkulu anakhala chaka chathunthu pakhomo. Muwauze abwere adzandifunse.

Adimini: Atate, nkhani pano si ya chipani. Mwanayu akufunsa za kalembedwe. Ngakhale akanati boma linalakwa, funso likanakhala lomweli.

Madamu Opuma: Mwanangu, tawerenga ndi zala. Wapatsa otsutsa mfundo zingati? Makalasi, madesiki, kuchonga, makolo. Zinayi. Wayankha zingati? Palibe ngakhale imodzi. Wowerenga akuchoka pa ndimeyo atasenza zifukwa zinayi zokukanira, ndipo wamusenzetsa ndiwe.

Chita ichi uone wekha. Phimba chiganizo choyamba ndi dzanja, uwerenge kuyambira pa "komabe". Kodi munthu amene sanaone zam'mwambazo angalote kuti otsutsa anadandaula za chiyani? Sangathe. Mawu akuti maphunziro ndi ufulu angakhale pansi pa dandaulo lililonse, la madesiki, la chakudya, la mayunifomu. Yankho lokwanira paliponse ndiye kuti silinayankhe kanthu. Komanso palibe amene anakana kuti maphunziro ndi ufulu. Iwo akuti m'kalasi mwadzaza, iwe ukuti mwana ali ndi ufulu. Akufunsa za nkhuku, iwe ukuyankha za mbuzi.

Mwana wa ku Mchini: Iii Madamu, ndaphimbadi, ndaona. Ndiye ndiyankhe zinayi zonse chimodzichimodzi? Mawu andithera.

Mnyamata wa Dibeti: Ayi asisi, osayankha zonse. Ife ku dibeti timasankha imodzi. Tengani yofewa, iyi ya makolo aulesi, muimenye mpaka ife. Mufunse kuti mayi wogulitsa tomato pa Saturday Market amene amagulabe yunifomu, nsapato ndi makope ndi waulesi bwanji. Zinazo musazitchule n'komwe. Mdani sumupatsa mkondo.

Madamu Opuma: Pa kusankha imodzi wanena zoona, mnyamata. Pa kusankha yofewa ndiye ayi. Mu holo zimatheka chifukwa nthawi imathamanga, anthu aomba m'manja, belu lalira. Pepala limakhala pa tebulo, wochonga amaliwerenga ali phee ndi tiyi wake. Ndipo wochongayu amaphunzitsa aphunzitsi, amayendera masukulu kukaona ophunzira ake. Za kudzaza kwa makalasi akuzidziwa kuposa tonsefe. Ukazilambalala n'kukalimbana ndi za makolo aulesi, iye aganiza chimodzi mwa ziwiri: sukuzidziwa, kapena ukuziopa. Zonsezo zimadya mamakisi.

Amene anakhalapo pa bwalo la amfumu akudziwa. Munthu wa mlandu wa malire a munda akabisa chinthu chimene mudzi wonse ukudziwa, nduna zimasiya kumukhulupirira ngakhale pa zimene akunena zoona. Wochenjera amayamba yekha kuti inde, mtengo uja ndinadula ndine, koma tamverani chifukwa chake.

Mnyamata wa Dibeti: Nanga yolimbayo ikakugonjetsa, Madamu? Si bwino kupambana pang'ono kusiyana ndi kugwa?

Madamu Opuma: Ikakugonjetsa uli m'chipinda mwako Lachiwiri, thokoza. Uli ndi masiku atatu okonza mfundo yako yaikulu. Tifika pamenepo.

Mwana wa ku Mchini, zitatu zoyambazo ndi nkhani imodzi chabe: ana achuluka kuposa zipangizo ndi aphunzitsi. Ziphatikize. Ya makolo itaye. Tsono uilembe monga mmene mwini wake angailembere, osati monga mmene iwe ungafunire kuti ailembe. Ndiponso chotsa "anthu ena". Anthu ena ndani? Tchula gulu lenileni limene lili ndi chifukwa chodandaulira.

Ticha wa ku Vubwi: Gulu lenilenilo ndi ife. Ndiloleni ndikupatseni dandaulolo mwini wake ndili pano. Mu 2023 kalasi langa la Giredi 8 linali ndi ana 87. Piriyodi ndi mphindi 40. Kuitana maina kokha ndi kukhazika ana pansi, mphindi zingapo zapita. Ndikapereka chimangirizo, makope 87, lililonse ndikalipatsa mphindi zisanu chabe, ndi maola asanu ndi awiri ndi kanthu, kalasi limodzi. Ndiye ndinachepetsa. M'malo molembetsa sabata iliyonse, kamodzi pa mwezi. Panali kamtsikana kena kamene kankakhala pansi kutsogolo, kope pa bondo, kanzeru kwambiri, koma chaka chinatha ndisanakhale nako pansi ngakhale kamodzi kukaonetsa pamene kamalakwitsa.

Ndipo mumve bwino, ife sitinena kuti maphunziro aulere ndi oipa monga mwalembera. Palibe mphunzitsi wanzeru anganene zimenezo. Tikuti anayamba ndi kutsegula chitseko nyumba isanamangidwe. Akanayamba kumanga makalasi ndi kulemba aphunzitsi, kenako n'kuchotsa malipiro pang'onopang'ono, giredi ndi giredi.

Madamu Opuma: Eya! Mwana wa ku Mchini, wamva? Mdani wako weniweni ndi ameneyu, ndipo ndi woopsa kuposa uja unamulemba. Uja ankati zaulere ndi zoipa, zimene n'zosavuta kukana. Uyu akuti cholinga chinali chabwino koma ndondomeko inalakwika. Ukalemba ndime ya otsutsa, muyeso wake ndi uwu: aticha a ku Vubwi aiwerenge anene kuti inde, ndi zimene ndikunena. Akati mwandinamizira, yambiranso.

Mwana wa ku Mchini: Ndayesa:

"Aphunzitsi ambiri a m'masukulu a boma sakana cholinga cha maphunziro aulere, koma amati anayambika mothamanga. Ana anachuluka nthawi imodzi pamene makalasi, madesiki ndi aphunzitsi anali omwe aja. Mphunzitsi wa ana oposa 80 sangachonge ntchito ya mwana aliyense pafupipafupi, motero ngakhale mwana amene anali kale pa sukulu akulandira zochepa kuposa kale. Iwo akuti boma likanayamba lamanga ndi kulemba aphunzitsi, kenako n'kuchotsa malipiro pang'onopang'ono. Izi ndi zoona ndithu ndipo palibe angatsutse. Komabe tiyenera kuyamikira boma chifukwa cha zimene linachita."

Ticha wa ku Vubwi: Mbali yangayo mwailemba bwino, ndasaina. Koma kumapetoko mwandipatsa chikho mwaulere, kkkk.

Wa ku Katete Giredi 12: Ine ndawerenga ndipo ndatembenuka, tsopano ndili mbali ya aticha.

Madamu Opuma: Ndiye vuto lachiwiri limenelo. Poyamba unakana kumva, tsopano wavomera zonse. "Palibe angatsutse" ndiye kuti nawenso sungatsutse, nanga masamba atatu apitawo unkalemberanji?

Dandaulo la aticha lili ndi zigawo ziwiri, uzilekanitse ngati mmene timapetera. Choyamba ndi zimene anaona ndi maso: ana 87, makope osachongedwa, mwana wanzeru wosathandizidwa. Izi usalimbane nazo, uluza, ndipo kuzivomera kukupatsa ulemu kwa wowerenga. Chachiwiri ndi chigamulo chimene atengapo: choncho kukanakhala bwino kudikira. Ichi sanachione ndi maso, ndi maganizo. Pakati pa ziwirizi pali mawu akuti "choncho", ndipo yankho lako lonse likagwere pamenepo. Dzifunse: kudikirako, akudikira ndani? Ali kuti pamene akudikira?

Mwana wa ku Mchini: Akudikira ndi ana amene analibe ndalama. Ali kunyumba.

Madamu Opuma: Pitiriza, usaime.

Mwana wa ku Mchini: Ana owonjezera aja m'kalasi la aticha sanagwe kumwamba. Analipo kale, kungoti anali kumunda, kubusa ng'ombe, ena pamsika. Ndiye kalasi lakale la ana 50 linkaoneka labwino chifukwa enawo sitinkawawerenga. Ndipo mwana sadikira. Amene anamaliza Giredi 7 mu 2021, boma likanati lidikire zaka zisanu likumanga, bwenzi pofika nthawiyo ali munthu wamkulu, mwina pabanja.

Madamu Opuma: Yankho lako ndi limenelo, ndipo walipeza wekha. Taona kusiyana kwake ndi "ufulu wa mwana" uja. Ili silingakhale pansi pa dandaulo lina lililonse, lasokedwa pa thupi la ili lokha. Likunena kuti aticha akufanizira kalasi lodzaza ndi kalasi lopepuka, pamene kwa mwana wosauka kusankha kunali pakati pa kalasi lodzaza ndi kusakhala m'kalasi konse.

Wa Njinga pa Kapata: Ndi zimene ndimanena ine zija! Wanga wamkulu chaka chija anachitaya, sichinabwerere. Anzake ali patsogolo.

Adimini: Apa ndiye mwalowa m'nkhani, atate.

Mnyamata wa Dibeti: Asisi onjezanipo nambala imalize zonse. Mu 2022 momwemo boma linalemba aphunzitsi 30,496, ndipo CDF, thumba la ndalama za chitukuko cha m'madera, inakwera kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa konsitichuwense iliyonse. Mungolemba kuti vuto la kuchulukana linathetsedwa, nkhani yatha.

Ticha wa ku Vubwi: Mukalemba kuti linathetsedwa ndidzabwera ndi rejisitala yanga. Pa 30,496 amenewo ife tinalandira awiri, wina sanakhalitse, anapempha transifa. Ndipo CDF si ya masukulu okha, imapitanso ku zipatala, milatho, zitsime, ngongole za magulu.

Madamu Opuma: Manambalawo ndi oona ndipo alowe, koma asenze katundu wolingana ndi msinkhu wawo. Sakuonetsa kuti vuto linatha. Akuonetsa chinthu chaching'ono koma chokwanira: kuti kumanga ndi kulemba aphunzitsi kungachitike ana ali kale m'kalasi. Ndi zokhazo zimene ukufuna, chifukwa mkangano wako ndi aticha ndi wa chiyambe n'chiyani. Ukakokera nambala kupitirira pamene ifika, wotsutsa amangotulutsa chitsanzo chimodzi ngati cha ku Vubwichi, ndime yonse yagwa, ndi zabwino zomwe zimene unanena.

Chinanso, mwanangu. Chaka cha 2022 usachilembe ngati kuti kale lonse kunali kolipira. Giredi 1 mpaka 7 anachotsa malipiro mu 2002. Chatsopano chachikulu mu 2022 chinali sekondale, pamodzi ndi ndalama za mayeso ndi za bungwe la makolo ndi aphunzitsi. Ndiye chitsanzo chako cha mwana womaliza Giredi 7 chili pamalo pake penipeni, chifukwa khoma linali pamenepo.

Mwana wa ku Mchini: Kachitatu. Gawo la otsutsa ndalisiya momwe lija, ndangochotsa ziganizo ziwiri zomaliza. Yankho:

"Kuchulukana kumeneku n'koona, ndipo mwana amene anali kale pa sukulu wataya gawo la chisamaliro chimene ankalandira. Koma maganizo akuti boma likanadikira akuiwala amene akanalipira kudikirako. Ana owonjezerawa analipo kale, kungoti anali kunja kwa mpanda wa sukulu. Kwa iwo kusankha sikunali pakati pa kalasi lodzaza ndi lopepuka, koma pakati pa kalasi lodzaza ndi kukhala pakhomo. Zotayika ziwirizi sizifanana. Kalasi lodzaza lingapepuke pomanga lina ndi kulemba aphunzitsi, monga mmene boma linalembera 30,496 mu 2022, ngakhale kuti sanakwane. Koma mwana amene wasiya sukulu atamaliza Giredi 7 n'kukhala zaka zingapo pakhomo, kawirikawiri sabwereranso. Vuto loyamba lingakonzedwe mochedwa, lachiwiri likachedwa latha."

Wa ku Katete Giredi 12: Ndabwereranso mbali ya asisi kkkk.

Madamu Opuma: Tsopano ndi ndime. Zinthu ziwiri. Mawu akuti "kawirikawiri sabwereranso" ndiwo mwala umene nyumba yonse yakhalapo, ndipo pakadali pano ndi mawu ako chabe. Alekichara akhoza kulembapo kuti umboni uli kuti. Pita ku laibulale, funa malipoti a Unduna wa Zamaphunziro a chaka ndi chaka onena za ana osiya sukulu ndi obwerera. Ukapeza, ika ndipo utchule kumene wazitenga. Ukapanda kupeza, chepetsa mawuwo, unene kuti kubwerera kumavuta pamene zaka zikupita, ndipo upereke chifukwa chake: ukwati, mwana, ntchito, manyazi okhala ndi ang'onoang'ono. Usapeke nambala.

Chachiwiri ndi chimene ambiri amaiwala. Bwerera ku mawu oyamba a chimangirizo chako. Unalemba chiyani ngati mfundo yaikulu?

Mwana wa ku Mchini: "Maphunziro aulere ndi abwino kwa ana onse a m'Zambia."

Madamu Opuma: Ndiye taona. Tsamba loyamba ukuti ndi abwino kwa onse, tsamba lachitatu wavomera kuti mwana amene anali kale pa sukulu wataya kanthu. Wadzitsutsa. Sikuti uchotse kuvomerako, usinthe mfundo yaikuluyo. Mwachitsanzo: boma linachita bwino kuchotsa malipiro nthawi imodzi mu 2022 m'malo modikira, ngakhale kuti zimenezi zinadzaza makalasi. Yachepa, eti? Koma tsopano aticha a ku Vubwi ndi makope awo 87 sangaigwetse, chifukwa yawawerengera kale. Mnyamata wa Dibeti, funso lako lija ndi pano. Yolimba ikakukankha, umasuntha mpanda kufika pamene ungauteteze.

Mnyamata wa Dibeti: Ndamva Madamu, koma kwa ine kumeneko ndi kuthawa mwaulemu. Ukamachepetsa mfundo nthawi iliyonse wina akakutsutsa, pomaliza utsala ndi yakuti ana ena anapindula penapake, imene ngakhale mwana wa Giredi 2 sangakane.

Madamu Opuma: Ngozi imeneyo ilipo, sindikana. Ine muyeso wanga ndi wakuti mfundo ikachepa mpaka wotsutsa n'kuivomera osasintha maganizo ake, yafa. Tiwafunse eni ake. Aticha, mukuivomera yatsopanoyi?

Ticha wa ku Vubwi: Ayi. Ndikadali kunena kuti akanayamba ndi Giredi 8 yokha chaka choyamba, 9 chotsatira, choncho. Mwana wa 2021 ujanso akanalowa, popanda kudzaza sukulu yonse tsiku limodzi. Ndimeyo sinandiyankhe pamenepo.

Madamu Opuma: Ndiye kuti mfundoyo ikadali ndi moyo, pali wokangana nayo.

Mwana wa ku Mchini: Mayo ine. Ndiye ndiyankhenso iyi ya giredi ndi giredi? Sizitha izi.

Madamu Opuma: Sizitha, n'chifukwa chake umaima penapake. Pa mawu 1,200, gawo lonseli lisapitirire 250 kapena 300, ndipo yankho likhale lotalikirapo kuposa dandaulo. Koma poti iwe wemwe unalemba "pang'onopang'ono" m'kamwa mwa otsutsa, uli ndi ngongole ya chiganizo chimodzi. Ganiza za mwana amene mu 2022 anali atasiyira mu Giredi 10 chifukwa cha ndalama. Mu ndondomeko ya atichayi, iye akanafikiridwa liti?

Ticha wa ku Vubwi: Akanapatsidwa basare, Madamu. Osauka okha, osati ndi ana a eni mashopu omwe.

Madamu Opuma: Imeneyo ndi nkhani ina yonse, ya kusankha osauka kapena kupatsa onse, ndipo pamenepo mwina ine ndi inu tili mbali imodzi. Koma mwanayu asailowetse, imufunira chimangirizo chinanso.

Wa ku Katete Giredi 12: Funso langa ndi la malo. Aphunzitsi athu amati ndime ya otsutsa izikhala yachiwiri kuchokera kumapeto nthawi zonse. Ndi lamulo?

Madamu Opuma: Si lamulo, ndi chizolowezi chothandiza pa mayeso, pamene mawu ndi nthawi n'zochepa. Iwe tsatira aphunzitsi ako, ndipo pa mayeso ziganizo zitatu kapena zinayi zakwana: akuti chiyani, choona n'chiti, cholakwika n'chiti. Koma kwa mkulu wakoyu ine ndikanaiika koyambirira, itangotha mawu oyamba. Aliyense wowerenga za maphunziro aulere m'Zambia muno kuchulukana kuli kale m'mutu mwake asanayambe. Ukakusunga mpaka tsamba lachitatu, masamba awiri oyambawo akuwerenga ndi khutu limodzi, akudikira kuti uzitchula liti.

Ticha wa ku Vubwi: Apa ndikusiyana nanu, Madamu. Ine ndikamachonga ndimafuna ndione kaye mwana ataima pa miyendo yake. Akayamba ndi otsutsa, chimangirizo chonse chimamveka ngati munthu wodziteteza pa mlandu. Komanso yankho lakelo likudalira mfundo ya ana amene anali kunja, imene ayenera kuifotokoza kaye bwinobwino m'ndime zoyamba.

Madamu Opuma: Chomalizachi chili ndi nzeru. Ngati yankho likutsamira pa zimene wamanga kale, libwere pambuyo pake. Komabe ine ndikanayesa zonse ziwiri, n'kuwerenga mokweza.

Mwana wa ku Mchini: Ndiisiya kumapeto, poti mfundo yaikulu yatsopanoyo yatchula kale za kudzaza kwa makalasi, wowerenga adziwa kuti ndikubwerako. Aticha, ndingagwiritse ntchito za ana 87 zija ngati chitsanzo? Sukulu sindiitchula.

Ticha wa ku Vubwi: Gwiritsani, koma mulembe kuti ndi zimene mphunzitsi mmodzi anakuuzani, musazisandutse za dziko lonse. Ndipo maola aja ndi 7 ndi mphindi 15, ndawerengeranso pa foni.

Mwana wa ku Mchini: Zikomo kwambiri. Mawa ndilawira ku laibulale magetsi asanapite. Madamu, ndikalephera kupeza lipotilo ndikulemberani kumbali Lachinayi.

Madamu Opuma: Lachinayi masana ndili ku msonkhano wa amayi kutchalitchi. Utumize m'mawa.